Paipi Yopyapyala Ukaikulunga, Nthawi Zina Imataya Kutentha Kochuluka: Nkhani ya Rediyasi ya Malire

Mwezi wa Juni ukafika, anthu amene ali ndi giza kapena thanki yotenthetsa madzi ndi dzuwa amayamba kudandaula chimodzimodzi: madzi amachoka m'thanki ali otentha, koma pofika ku bafa amakhala atafunda chabe. Nzeru imene imabwera msanga ndi yakuti paipi ikulungidwe. Ena amagula siponji yakuda yopangidwira ntchitoyo, ena amang'amba chubu chakale cha galimoto n'kumanga mphira zake kuzungulira paipi, enanso amangoimata ndi matope a simenti kuti ibisike. Onsewa amaganiza mofanana, kuti chilichonse chimene wavundikira nacho chinthu chotentha chimasunga kutenthako, monga momwe bulangete limasungira thupi.

Kwa khoma, denga kapena mgolo waukulu, maganizo amenewa ndi oona. Koma kwa paipi yopyapyala ndi waya wa magetsi, si nthawi zonse. Pali pomwe chokutira chimachititsa kuti kutentha kutuluke kwambiri kuposa pamene paipiyo inali yosakutidwa. Ophunzira za uinjiniya amakumana ndi nkhaniyi pansi pa dzina lakuti kiritiko rediyasi, ndipo ambiri akaimva koyamba amaganiza kuti mphunzitsi walakwitsa samu. Muno tiitchula kuti rediyasi ya malire. Rediyasi ndi mtunda wochokera pakatikati pa chinthu chozungulira kufika m'mphepete mwake, ndiye kuti theka la kunenepa kwake. Paipi imene kusitolo amati ndi ya mamilimita 15 ili ndi rediyasi ya mamilimita 7.5.

Zipata ziwiri zimene kutentha kumadutsa

Kutentha kwa madzi a m'paipi kuti kufike mumpweya wakunja kumayenda ulendo wa magawo awiri. Poyamba kumaboola chokutiracho, kuchokera mkati kupita kunja. Kenako, kukafika pakhungu lakunja la chokutira, kumayenera kudumphira mumpweya. Khoma la paipi ya kopa tikhoza kuliiwala, chifukwa kopa amadutsitsa kutentha mosavuta kwambiri moti sachedwetsa kanthu.

Gawo loyamba ndi limene aliyense amaliganizira. Chokutira chikakhuthala, njira imatalika, kutentha kumachedwa. Gawo lachiwiri ndi limene timaliiwala, chonsecho pa paipi yosakutidwa ndi lokhalo limene limagwira ntchito. Mpweya sutenga kutentha mwachangu. Pakhungu la chinthu chilichonse chotentha pamakhala kampweya kochepa kamene kamayenda pang'onopang'ono, ndipo kameneka kamakhala ngati chovala chosaoneka. Kuchuluka kwa kutentha kumene mpweya ungalandire kumadalira kukula kwa malo amene ukukhudza. N'chifukwa chake mayi akafuna kuti phala la mwana lizizire msanga amalichotsa m'kapu n'kulithira m'mbale yotambalala. Phala ndi lomwelo, mpweya ndi womwewo, koma malo okumanirana akula.

Tsono taonani chimene chimachitika mukakulunga paipi. Mwatalikitsa njira, inde, koma mwakulitsanso khungu lakunja. Zili ngati tchalitchi chodzaza chimene chinali ndi kakhomo kamodzi kakang'ono, kenako mwamangapo khonde loti anthu adutsemo, koma kumapeto kwa khondelo mwaika chitseko chachikulu. Ngati khondelo ndi lalifupi ndi losavuta kuyendamo, anthu atuluka msanga kuposa kale, chifukwa chimene chinkawachedwetsa chinali kakhomo kaja. Ngati khondelo ndi lalitali ndi lodzaza mabenchi, chitseko chachikulucho sichithandiza kanthu.

Chifukwa chake izi zimakhudza zinthu zopyapyala zokha chili m'nambala zosavuta. Paipi ya mamilimita 15 mukaizunguliza chingwe, chingwecho chimatalika mamilimita 47. Mukaikulunga mphira yokhuthala mamilimita 5, chingwe chomwecho chimafunika mamilimita 79. Khungu lakula ndi magawo awiri mwa atatu. Mphira yomweyo mukaikulunga pa mgolo wa malita 200, khungu silikula ngakhale ndi 2 peresenti. Pa khoma lathyathyathya silikula n'komwe, ndipo kumeneko nkhani ya rediyasi ya malire kulibe: chilichonse chimene mwawonjezera chimachepetsa kutentha kotuluka.

Nambala ziwiri ndi kugawa kumodzi

Chipata chilichonse chili ndi nambala yake. Yoyamba amailemba ndi chilembo `k`, ndipo imanena mmene chinthu chimadutsitsira kutentha mkati mwake. Ikakhala yaikulu, kutentha kumadutsa mosavuta. Kopa ali ndi `k` wa pafupifupi 400. Matope a simenti ouma ali cha m'ma 0.7. Mphira yolimba ndi pulasitiki yokutira mawaya zili cha m'ma 0.15 kapena 0.16. Siponji ya mapaipi ndi thonje la galasi zili pafupifupi 0.04. Mpweya wongokhala uli pa 0.026, ndipo apa mpamene pagona chinsinsi cha siponji ndi bulangete: chimene chimatsekereza kutentha si ulusi kapena mphira yake ayi, koma mpweya umene watsekeredwa m'timabowo take.

Yachiwiri amailemba ndi `h`, ndipo imanena mmene mpweya wozungulira umalandirira kutentha kuchokera pakhungu. Iyi si ya chinthucho, ndi ya malo amene chili. M'chipinda kapena m'siling'i mopanda mphepo, pa paipi ya madzi otentha, `h` amakhala pakati pa 5 ndi 10. Panja pomwe pakuomba mphepo amatha kufika 30 kapena kupitirira.

Rediyasi ya malire imapezeka pogawa ziwirizi:

```
r = k / h
```

Yankho limatuluka m'mamita. Pa mphira m'malo opanda mphepo, 0.15 kugawa ndi 10 ndi mamita 0.015, ndiye kuti mamilimita 15. Pa siponji ndi mamilimita 4. Pa simenti ndi mamilimita 70.

Tanthauzo lake ndi ili. Pamene rediyasi yakunja, kuchokera pakatikati pa paipi kufika pakhungu la chokutira, ili yochepa kuposa nambala imeneyi, milimita iliyonse imene mukuwonjezera ikuchulukitsa kutentha kotuluka. Rediyasi ikafika pa nambalayo, kutentha kotuluka kuli pachimake. Kupitirira pamenepo kumayamba kutsika. Zili choncho chifukwa phindu la kukula kwa khungu limatha msanga kuposa mphamvu ya kutalika kwa njira. Paipi ikadali yaing'ono, milimita imodzi imakulitsa khungu kwambiri. Ikanenepa, milimita yomweyo siisinthanso khungu kwenikweni, koma ikupitirizabe kutalikitsa njira. Pamene ziwirizi zalingana mphamvu ndi pamene pali malire. Pa chinthu chobulungira ngati mpira malirewo amakhala kawiri, `2k / h`, chifukwa khungu la mpira limakula mbali ziwiri nthawi imodzi.

Pali zolakwa ziwiri zimene ophunzira amachita kawirikawiri pamayeso, ndipo amisiri angachitenso chimodzimodzi. Choyamba ndi kuyerekeza nambalayi ndi kunenepa konse kwa paipi, pamene iyenera kuyerekezedwa ndi theka lake. Chachiwiri ndi kuganiza kuti nambalayi ikunena kukhuthala kwa chokutira. Ayi, imayezedwa kuchokera pakatikati pa paipi. Pa paipi yathu ya rediyasi 7.5, mphira imafika pamalire a 15 ikakhuthala mamilimita 7.5.

Paipi imodzi, zokutira zitatu

Titenge mita imodzi ya paipi ya kopa ya mamilimita 15 imene ikudutsa m'siling'i. Madzi ali pa madigiri 60, mpweya uli pa madigiri 20, ndiye kusiyana kwake ndi madigiri 40. Titenge `h` kukhala 10. Samu yonse ndi iyi, kwa amene akufuna kuibwereza pa foni:

```
R1 = ln(r2 / r1) / (2 * pi * k)
R2 = 1 / (2 * pi * r2 * h)
q  = (T1 - T2) / (R1 + R2)
```

Apa `r1` ndi rediyasi ya paipi, `r2` ndi rediyasi yakunja kwa chokutira, zonse m'mamita. `T1` ndi madigiri a madzi, `T2` ndi madigiri a mpweya. `R1` ndi kukana kwa chokutira, kutanthauza mmene chimatsekerezera kutentha kudutsa, `R2` ndi kukana kwa mpweya, ndipo `q` ndi mawati amene akutuluka pa mita iliyonse.

Paipi yosakutidwa ilibe `R1`. Kukana kwake konse ndi kwa mpweya, 2.12, ndipo imataya mawati pafupifupi 19 pa mita.

Tsopano tiikulunge mphira za chubu mpaka zikhuthale mamilimita 5. Mphirayo yabweretsa kukana kwa 0.54, kumene kunalibe. Koma kukana kwa mpweya kwatsika kuchoka pa 2.12 kufika pa 1.27 chifukwa khungu lakula. Tapeza 0.54, tataya 0.85. Zonse pamodzi ndi 1.81, ndipo paipi tsopano ikutaya mawati 22. Munthu wathera Loweruka lonse ali m'siling'i, akumanga mphira mosamala, ndipo wawonjezera kutayika kwa kutentha ndi pafupifupi 17 peresenti.

Nanga akapitiriza kumanga? Apa mpamene ambiri amapusitsika, ngakhale amene anaimva nkhani ya malireyi. Kudutsa malire sikutanthauza kuti wayamba kupindula. Pa rediyasi ya mamilimita 15 ali pachimake, mawati 22 ndi pang'ono. Akapitirira amayamba kutsika, koma akutsika kuchokera pamwamba pa phiri, ndipo amatsika mwapang'onopang'ono. Kuti angobwerera pa mawati 19 amene anali nawo asanayambe, rediyasi yakunja iyenera kufika pafupifupi mamilimita 37. Imeneyo ndi mphira yokhuthala masentimita atatu kuzungulira kapaipi konenepa ngati chala, ndipo phindu lake likadali ziro.

Simenti ndiye imaposa. Mukamata paipi yomweyo ndi matope okhuthala mamilimita 20, kukana kwa simentiyo ndi 0.30 chabe, pamene kwa mpweya kwagwa kufika pa 0.58. Paipi ikutaya mawati pafupifupi 46, kuposa kawiri zimene inkataya ili yosakutidwa. Simenti pamenepa sikugwira ntchito ya bulangete, ikugwira ntchito ya mbale ya phala ija. Paipi ya madzi otentha imene yakwiriridwa m'khoma la njerwa popanda siponji ili m'vuto lomweli: khoma lonse limasanduka chotayira kutentha, ndipo mukaligwira m'mawa wina atangosamba mumalimva kufunda motsatira mzere wa paipi.

Siponji yeniyeni ilibe vutoli pa paipi iyi, chifukwa malire ake ndi mamilimita 4 ndipo paipiyo inawadutsa kale isanakutidwe. Milimita yoyamba yomwe imathandiza. Siponji yokhuthala mamilimita 13 imabweretsa kukana kwa 4.0, kwa mpweya kumatsala 0.78, ndipo mawati amatsika kufika pa 8.4. Pa mapaipi otalika mamita 10 amene amakhala otentha tsiku lonse, monga amene amazunguliza madzi, kusiyana kwa paipi yosakutidwa ndi ya siponji ndi mawati pafupifupi 100, amene pa maola 24 ndi mayunitsi awiri ndi theka a magetsi. Paipi imene imangotentha nthawi yosamba yokha sifika pamenepo, koma kagawidwe kake ndi komweko.

Kuchokera apa pakutuluka lamulo limene limatonthoza mtima. Zokutira zenizeni, zopangidwira kusunga kutentha, sizipitirira kwenikweni `k` wa 0.05, ndipo `h` satsika kwenikweni pansi pa 5. Kugawa ziwirizi kumapereka sentimita imodzi. Choncho paipi iliyonse yonenepa kuposa masentimita awiri mukhoza kuikulunga siponji kapena thonje la galasi osawerengera kanthu. Msampha uli pa zinthu ziwiri zikakumana: paipi yopyapyala, ndi chokutira chimene sichili chokutira chenicheni. Mapaipi ang'onoang'ono a firiji ndi a makina oziziritsira m'nyumba, a mamilimita 6 ndi pang'ono, ndi amene ali pafupi ndi malire ngakhale pa siponji. Siponji ya milimita imodzi kapena ziwiri sisintha kanthu pamenepo, ndipo ya mamilimita 6 imachepetsa ndi pafupifupi 16 peresenti yokha. Amisiri amaikabe, chifukwa pa paipi yozizira siponji ili ndi ntchito inanso, yoletsa kuti chinyezi cha mumpweya chisasanduke madzi odontha pa siling'i.

Dzanja limanama

Wina anganene kuti: “Ine ndinakulunga mphira, ndipo ndikagwira paipi sikuotchanso ngati kale. Ndiye mukuti bwanji ikutaya kwambiri?” Akunena zoona pa zimene dzanja lamva. Mu chitsanzo chathu, kopa wosakutidwa ali pa madigiri 60, pamene khungu la mphira lili pa madigiri pafupifupi 48. Mphira imaperekanso kutentha ku chala pang'onopang'ono kuposa chitsulo, ndiye imamveka yozizirirapo. Koma kutentha kotayika kumadalira kusiyana kwa madigiri a khungu ndi a mpweya, kuchulukitsa ndi kukula kwa khungulo. Kusiyana ndi mpweya kwatsika kuchoka pa madigiri 40 kufika pa 28, pamene khungu lakula ndi magawo awiri mwa atatu. Chachiwirichi chapambana. Mphira yateteza dzanja la mwana kuti lisapse, zimenezo ndi zabwino, koma madzi sinawateteze.

Njira yoyesera kunyumba ilipo. Dulani zidutswa ziwiri za paipi zofanana, chilichonse mita imodzi, mutseke kumapeto kumodzi. China muchikulunge, china muchisiye. Muzithire madzi a m'ketulo imodzi nthawi imodzi, mutseke, n'kuzipachika m'chipinda chopanda mphepo, zosakhudza khoma. Pakatha mphindi 20 muyeze madziwo ndi themometa. Ngati anayamba pa 60 ndipo chipinda chili pa 20, samu ikuti paipi yosakutidwa idzakhala cha m'ma 38, ya mphira cha m'ma 36 kapena pansi pang'ono, ya siponji cha m'ma 48. Kusiyana kwa madigiri awiri chala sichingakumve, n'chifukwa chake anthu amakhala zaka zambiri akukhulupirira mphira zawo. Kwa siponji kokha ndi kumene kumamveka ndi dzanja.

Pa waya wa magetsi, vutoli limasanduka mwayi

Pa paipi timafuna kutentha kukhale mkati. Pa waya timafuna kuchoke. Magetsi akamadutsa mu kopa amapanga kutentha, ndipo kukapanda kutuluka waya amatentha mpaka pulasitiki yake kuwonongeka. Pulasitiki wamba yokutira mawaya a m'nyumba inapangidwa kuti waya asamapitirire madigiri 70.

Tengani waya wa 2.5, kutanthauza wa kopa wa masikweya milimita 2.5, amene amisiri amaika ku masoketi. Kopa wake ali ndi rediyasi ya pafupifupi mamilimita 0.9, ndipo pulasitiki yake ndi yokhuthala 0.8, ndiye rediyasi yakunja ndi 1.7. Pa chinthu chopyapyala chonchi mpweya umatenga kutentha mwachangu kuposa pa paipi, moti `h` amakhala cha m'ma 20. Malire ndi 0.16 kugawa ndi 20, mamilimita 8. Waya wathu ali kutali kwambiri pansi pa malire, ndiye pulasitiki yonse imene wavala ikumuthandiza kutaya kutentha.

Apa funso limatembenuka. Pa paipi, kutentha kwa madzi kunali kodziwika ndipo tinkafunsa mawati otuluka. Pa waya, mawati ndi amene ali odziwika, chifukwa amabwera ndi magetsi amene akudutsa, ndipo tikufunsa kuti wayayo atentha kufika pati. Waya wa 2.5 akanyamula maampu 20, amene pa mavoti 230 ndi katundu wa mawati 4,600, amapanga mawati pafupifupi 3.2 pa mita iliyonse. Ali wosakutidwa, kukana kwa mpweya ndi 8.8, ndiye amakwera madigiri 28 pamwamba pa mpweya wozungulira. Atavala pulasitiki, kukana konse ndi 5.3, ndipo amakwera madigiri 17 okha. Tsiku limene kunja kuli madigiri 30, wosakutidwa ali pa 58, wokutidwa ali pa 47. Pulasitiki inaikidwa kuti munthu asagwidwe ndi magetsi, koma yabweretsa mphatso ya madigiri 11. Papepala, kuti pulasitiki yomweyi ifike potenthetsa waya mofanana ndi wosakutidwa, iyenera kukhuthala mamita oposa sikisi.

Komatu apa pasamveke molakwika, chifukwa nkhaniyi ikamveka theka imayatsa nyumba. Zonsezi ndi za waya mmodzi amene wavala pulasitiki yomata pathupi pake, ndipo kunja kwake mpweya ukuyenda momasuka. Bulangete, matiresi, kapeti kapena thonje la galasi la m'siling'i zili ndi `k` wa pafupifupi 0.04, ndipo malire ake pa waya ndi mamilimita awiri okha. Chingwe chilichonse cha m'nyumba chinawadutsa kale. Chikakwiririka m'zinthu zoterezi, kutentha kumatsekeredwa. Malamulo oika mawaya a ku Britain amati chingwe chimene chazunguliridwa ndi zotsekereza kutentha pa mtunda wopitirira theka la mita chiziwerengedwa kuti chinganyamule theka lokha la maampu ake. Ekisitenshoni yokulungidwa pa chozunguliza chake ili ndi vuto lofanana: mizere yambiri ikupanga kutentha, koma khungu lokumana ndi mpweya ndi la mzere wakunja wokha, ndipo ya mkati ikutenthetsana. N'chifukwa chake pa zozunguliza zambiri amalemba mawati awiri osiyana, a chingwe chokulungidwa ndi a chofunyululidwa. Tepi yomangidwa mothina pa malo olumikiza mawaya nayonso sichiritsa kulumikiza kosagwira bwino: pamenepo vuto ndi lakuti malowo akupanga kutentha kochuluka kuposa waya yense, ndipo kakhungu kowonjezera sikangakutulutse.

Malirewo samakhala malo amodzi

Samu ya `k / h` imaoneka yaukhondo, koma nambala zonse ziwiri zimasuntha, ndipo malire amasuntha nazo.

Mphepo ndi imene imasintha zinthu kwambiri. Tengani paipi ija ndi mphira yake ya mamilimita 5, muziike padenga pomwe mwera ukuomba, `h` akwere kufika pa 30. Malire a mphira amatsika kufika pa mamilimita 5, pansi pa rediyasi ya paipi. Paipi yosakutidwa tsopano ikutaya mawati pafupifupi 57, ya mphira ikutaya 41. Mphira yomweyo imene inkawononga m'siling'i, padenga ikuthandiza. Choncho amisiri awiri akhoza kukangana, wina kuti mphira imathandiza, wina kuti ayi, onse akunena zimene anaona. Siponji padenga pomwepo imataya mawati osakwana 10, ndiye mphirayo ngakhale pamene yathandiza ikadali kutali.

Madzi amasintha `k`. Madzi amadutsitsa kutentha kuposa mpweya nthawi zoposa 20, moti siponji yong'ambika, chiguduli kapena nsanza zikanyowa ndi mvula, timabowo timene munali mpweya timadzaza madzi ndipo `k` amakwera. Chokutira chimene chinali kupitirira malire chili chouma chikhoza kugwera pansi pa malire chitanyowa, osawerengera kutentha kumene kumapita poumitsa madziwo. Siponji ya panja imafunika chophimba choletsa mvula ndi dzuwa pa chifukwa chimenechi.

Palinso nkhani ya maonekedwe a khungu. Kutentha kwina kumachoka pa chinthu ngati cheza, monga mmene mumamvera mbaula pankhope muli patali, ndipo kumeneku kumawerengedwa mkati mwa `h`. Kopa wonyezimira amatulutsa cheza chochepa kwambiri, pamene mphira, pulasitiki, penti ndi simenti zimatulutsa chochuluka, mosasamala kuti ndi zakuda kapena zoyera. Pa paipi ya madzi otentha cheza chimatha kukhala pafupifupi theka la `h` yense. Ndiye mukakulunga paipi yatsopano yonyezimira ndi mphira, mwakulitsa khungu komanso mwasintha khungu losatulutsa cheza kukhala lotulutsa. Kutayika kwenikweni kumakhala kokulirapo kuposa 17 peresenti imene tinapeza pogwiritsa ntchito `h` mmodzi mbali zonse. Mbali inayo, mphira zomangidwa ndi manja zimasiya timipata ta mpweya pakati pa mizere yake, ndipo timeneti timatsitsa `k` pang'ono. Kumanga kothina bwino, kokoka mwamphamvu ngati pomanga katundu panjinga, ndiko kumene kumataya kutentha kwambiri.

Chomaliza n'chakuti `h` mwiniwake amatsika chinthu chikamanenepa. Waya wopyapyala ali ndi 20, koma mukamukutira mpaka anenepe ngati paipi, `h` amayandikira 10, ndipo malire amene munawerengera poyamba asuntha. Akatswiri akafuna yankho lenileni amawerengera mobwereza: amayerekeza kutentha kwa khungu, amapeza `h` wake, amawerengeranso khungu, mpaka nambala zitasiya kusintha. Kwa munthu amene waima ndi paipi m'manja, kugawa kumodzi kuja kumakwanira. Ayeze kunenepa kwa paipi n'kugawa pawiri, apeze `k` wa chokutira, amene pa siponji yogula amalembedwa pa pepala la wopanga, agawe ndi 10 ngati ndi m'nyumba kapena 5 ngati ndi malo otsekeka kwambiri, kenako asinthe yankholo kuchoka m'mamita kupita m'mamilimita. Yankho likakhala lochepa kuposa theka la paipi lija, akulunge. Likakhala lalikulu, monga 15 wa mphira kapena 70 wa simenti pa paipi ya 7.5, asakulunge ndi chimenecho, kapena aike kaye siponji pansi pake, mphira kapena simenti zibwere pamwamba ngati chophimba.